Ndani ankalowa pa waifai yanga usiku?

Bandulo ya mwezi wathunthu inatha m'masabata awiri, koma m'nyumba aliyense ankangoti "si ine". Ndiye ndinati ndikafunse rauta yeniyeniyo, poti imalemba m'kaundula wake chipangizo chilichonse chikalowa kapena kutuluka.

Rauta yanga imayendera pulogalamu yotchedwa OpenWrt. Ndinalemba `192.168.1.1` pa laputopu, n'kuika pasiwedi, kenako ndinatsegula `Status` ndi `System Log`. Mizere inali mbwee, mutu kuchita kuzungulira. Ndinaona kuti bola ndilowe mu rauta ndi `ssh`, njira yoilembera malamulo kuchokera pa laputopu, n'kusefa:

```
logread | grep -E 'AP-STA-(CONNECTED|DISCONNECTED)'
```

Apa panangotsala mizere yamitundu iwiri. `AP-STA-CONNECTED` ndiye kuti chipangizo chalowa, `AP-STA-DISCONNECTED` chatuluka, ndipo kutsogolo kwake kumakhala nambala ya `MAC`, yomwe ndi chizindikiro cha chipangizocho pa waifai. Dzina silioneka pamenepo. Ndinalipeza pa mizere ya `DHCPACK`, pomwe rauta imapereka adiresi n'kulemba dzina limene foni yadzitchula.

Koma `DHCPACK` yomweyo inatsala pang'ono kundinamiza. Ndinaona laputopu ya mlongo wanga ikutulukira pakati pa usiku, mtima n'kuti ndamugwira. Ayi ndithu. Rauta imabwereketsa adiresi kwa maola 12, ndipo pakatha maola 6 chipangizo chimapempha chokha kuti chipitirize nayo, ngakhale mwini wake ali mtulo. Mzere umenewo sutanthauza kuti munthu wangolowa kumene.

Wotchi nayo inali ndi zake. Panali foni ina yosadziwika yolowa 19:40 n'kutuluka 21:05, nthawi imene tonse timakhala pabalaza. Kenako ndinazindikira kuti rauta inali ikadali pa `UTC`, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri. Kunena zoona foniyo inkalowa 21:40, titatseka kale zitseko, n'kuchoka cha m'ma 23:00. Ndati "cha m'ma" dala: foni ikangochoka osatsanzika, rauta imadikira mphindi zisanu isanalembe `deauthenticated due to inactivity`, choncho nthawi yotulukira imakhala yochedwerapo.

Nambala yake inkayamba ndi `5a`. Chilembo chachiwiri chikakhala `2`, `6`, `a` kapena `e`, nambalayo si yakufakitale. Mafoni amakono amadzipekera yawo pa waifai iliyonse, ndiye kufufuza kampani yopanga foniyo n'kungotaya nthawi. Ndinangotolera mafoni onse am'nyumba n'kuyerekeza imodziimodzi. Palibe inafanana nayo.

Ndinkafuna kuona kuti zinayamba liti, koma kaundula anangofika Lachiwiri. Amasungidwa m'chikumbumtima chosakhalitsa cha rauta, moti magetsi akangothima zonse zimafufutika, komanso akadzaza mizere yakale imagwa. Masiku atatu ndi amene ndinali nawo, ndipo usiku uliwonse mlendoyo analipo.

Ndinasintha pasiwedi, wotchi n'kuiika pa `Africa/Blantyre`. Usiku umenewo `5a` uja sanaonekenso. M'mawa mwake mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anandifunsa ngati intaneti yathu yawonongeka.