Lachitatu: Mapazi a Ayezi pa Phiri la Kenya

Lero m'mawa ndinanyamula chibuma cha ayezi chimene ndinachiumitsa mufiriji pamodzi ndi timiyala, kupita nacho kusukulu kumene ndimaphunzitsa kuno ku Lilongwe. Dzulo, tikuphunzira za ayezi wakale wa m'mapiri, mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, ngati ayeziyo anasungunuka kalekale, mukudziwa bwanji kuti analipo?” Funsoli ndinagona nalo.

Nditakhwekhwereza chibumacho pathabwa, timiyala tija tinasiya mikwasa yolunjika mbali imodzi, ndipo ndinawauza ana kuti umu ndi mmene amagwirira ntchito gulasiya, mtsinje wa ayezi wotsetsereka pang'onopang'ono kuchoka kuphiri. Chipale chofewa chikaunjikana m'kadzenje pafupi ndi nsonga ya phiri kwa zaka zambiri osasungunuka, chimatsinjirizika n'kusanduka ayezi, amene amazula miyala pakhoma lakumbuyo ndi kupera pansi ngati mphero. Chotsalira ndi chibeseni chozama chotchedwa seki, chokhala ndi makoma mbali zitatu ndi mlomo wotukuka kutsogolo, ndipo kawirikawiri mumatsala kanyanja.

Za chigwa sitinachedwe nazo. Madzi amadula pansi pokha n'kusiya chigwa chooneka ngati V, koma ayezi amadzaza chigwa chonse n'kupala m'mbali momwe, mpaka chioneke ngati U, monga chilili chigwa cha Teleki pa phiri la Kenya.

Chimene chinandikhalitsa ndi moreni, mzere wa miyala ndi dothi umene ayezi amasiya, chifukwa ndiye mboni yeniyeni. Ndinakankha chibuma chija pamchenga wosakaniza ndi miyala, ndipo pamene chinaima panatsala kamzere ngati ka m'munda. Kenaka ndinawakumbutsa zimene amaona mumtsinje wa Lilongwe madzi akaphwera, kuti mchenga umakhala pawokha ndi miyala yobulungira payokhanso, popeza madzi amasankha. Ayezi sasankha. Amataya dongo, miyala yakuthwa m'mbali ndi matanthwe aakulu ngati nyumba mulu umodzi. Komabe phiri likagumuka limasiyanso mulu wosakanikirana, choncho munthu ayenera kuona ngati miyalayo ili ndi mikwasa, ndiponso ngati mzerewo wakhota mopingasa chigwa.

Pa phiri la Kenya, lotalika mamita 5,199, ayezi wotsala lero ali pafupi ndi nsonga pokha, koma mizere ya moreni imapezeka m'munsi mpaka pa mamita pafupifupi 3,300, umboni wakuti kale ayezi ankatsika kutali chotero. Ndinawachenjeza kuti mzerewo sunena za kuzizira kokha, pakuti chipale chikachuluka ayezi amatalikanso, ndiponso ayezi wobwera pambuyo akapitirira amafafaniza mizere yakale.

Belu litalira, mtsikana uja anatsalira akuyang'anitsitsa kamzere ka pamchenga, pamene chibumacho chinali chitasungunuka kale.