Galafu imodzi, masikelo awiri: ntchito ya sabata ino

Ntchito yanga ndi yokonza malipoti a manambala pa kampani yotumiza katundu. Lolemba abwana anapempha galafu imodzi yoonetsa zinthu ziwiri za chaka chatha: maphukusi amene tinkatumiza mwezi uliwonse, ndi peresenti ya maphukusi amene anabwezedwa. Otumizidwa anakwera kuchoka pa 40,000 mu Januwale kufika pa 52,000 mu Disembala, pomwe obwezedwa anachoka pa 2.0 peresenti kufika pa 2.2. Manambala otere sangagwirizane pa sikelo imodzi. Mzere wa peresenti umangogona pansi pa galafu, osaoneka n'komwe kuti ukusuntha.

Njira yodziwika ndi kuupatsa sikelo yakeyake kumanja. Mu Excel umadina mzerewo ndi batani lakumanja la mausi, n'kusankha Format Data Series, kenako Secondary Axis. Basi, mzere wadzuka.

Lachiwiri ndinaiyang'anitsitsa galafuyo ndisanaitumize, ndipo sinandisangalatse. Excel imasankha yokha poyambira sikelo. Manambala akatalikirana imayambira pa ziro, koma akayandikana kwambiri imadula pansi. Motero kumanzere inaika 0 mpaka 60,000, kumanja inaika 1.9 mpaka 2.25. Kukwera kwa maphukusi 12,000 kunatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwa galafu, pamene kakusintha ka 0.2 kanatenga malo opitirira theka. Aliyense woona akanati katundu wobwezedwa wathamanga kuposa wotumizidwa, mpaka kumupeza mu Disembala, pamene mizere iwiriyo inkachita ngati ikukhudzana. Koma ukawerengera, otumizidwa anakwera ndi 30 peresenti, pomwe mlingo wa obwezedwa unakwera ndi 10 peresenti yokha poyerekeza ndi pamene unayambira.

Ndinamuitana mnzanga wa desiki yoyandikana nane. Iye akuona, ndinatsegula Format Axis ya sikelo yakumanja n'kulemba 0 pa Minimum ndi 3 pa Maximum. Nthawi yomweyo mizere inayambira pamalo amodzi, chifukwa 40,000 pa 60,000 ndi 2.0 pa 3 ndi gawo lofanana, kenako inapatukana: wa otumizidwa kukwera bwinobwino, wa obwezedwa kungonyamuka pang'ono. "Manambala mwasintha kodi?" anafunsa. Sindinakhudze ngakhale imodzi.

Apa ndiye pagona vuto la masikelo awiri. Pamene mizere yakumana, umene uli pamwamba, umene wakwera motsetsereka kwambiri, zonsezi wasankha ndi wojambula kapena pulogalamu, osati manambala. Koma diso la woona silidziwa zimenezo, limangoti zakumana ndiye kuti pachitika kanthu. Choncho ndimayesa galafu iliyonse yotere motere: ndimasintha malire a sikelo yakumanja, ndipo ngati nkhani yasintha nawo, galafuyo sindiikhulupirira.

Lachitatu ndinakonza njira ina. Funso lenileni la abwana linali lakuti chakula msanga n'chiti, ndipo funso lotere limayankhidwa bwino ukaika Januwale kukhala 100 pa zonse ziwiri. Mu fomula iyi, B2 ndi nambala ya maphukusi a Januwale:

```
=B2/B$2*100
```

Ukakokera fomulayi m'munsi, n'kuchitanso chimodzimodzi ku danga la peresenti, Disembala imatuluka 130 ndi 110. Sikelo ndi imodzi, palibe chokokera mbali. Chofunika kusamala ndi mwezi woyambirawo: ukakhala wachilendo, mwina wotsika kwambiri, miyezi yonse yotsatira imaoneka yokwera mopitirira. Pansi pake ndinaika magalafu awiri aang'ono osanjikizana, miyezi ili pamzere umodzi, kuti wofuna manambala enieni awaone.

Sikuti sikelo yachiwiri ndinaitaya. Lachinayi a kunkhokwe anafuna galafu ya kutentha kwa chipinda chozizira, yoti iwerengeke mu °C komanso mu °F. Apo ndinaigwiritsa ntchito mosakayika, chifukwa chinthu ndi chimodzi ndipo masikelo awiriwo ndi omangika: 0 kumanzere ayenera kuyang'anizana ndi 32 kumanja, 10 ndi 50. Imathandizanso pamene funso ndi la nthawi chabe, monga kuona ngati zinthu ziwiri zimakwera mwezi womwewo. Zikatero ndimapaka manambala a sikelo iliyonse utoto wa mzere wake, ndimalemba muyeso mbali zonse, ndipo timizere topingasa ndimasiya ta mbali imodzi yokha.

Lachisanu pamsonkhano abwana anafunsa chifukwa chake sindinabweretse galafu imene anapempha. Ndinawaonetsa yonse iwiri ya Lachiwiri ija, ya 1.9 ndi ya 0, moyandikana. Anaziyang'ana, n'kunena kuti mu lipoti mulowe ya 100 ija, ndipo anapempha kuti mwezi wamawa ndigawe obwezedwawo potengera mtundu wa katundu.