Mmene ndinatetezera mwana wanga ku HIV, kuyambira pakati mpaka kusiya bere

Ndinadziwa kuti ndili ndi kachilombo ka HIV nditapita koyamba sikelo, mimba ili ndi miyezi itatu. Namwino anandifotokozera manambala awiri amene ndinawasunga pamtima. Mayi akapanda kumwa mankhwala, pa ana 100 obadwa kwa amayi ngati ine, pakati pa 15 ndi 45 amatengera kachilomboka, ena ali m'mimba, ena pobadwa, ena poyamwa. Mayi akamamwa ma ARV mosadumphiza, chiwerengerocho chimatsika osafika pa ana 5. Ndinayamba mankhwala tsiku lomwelo, ndipo anandiuza kuti ndi a moyo wanga wonse, osati a nthawi ya pakati yokha.

Mankhwalawo ndi piritsi limodzi patsiku, lomwe muli tenofoviya, lamivudini ndi dolutegilaviya. Pali kanthu kena kokhudza piritsili kamene ndimafuna mayi aliyense atakadziwa. Kusikelo amatipatsanso mapiritsi owonjezera magazi, ndipo ayironi wa m'mapiritsi amenewa, komanso kashiyamu, amamata dolutegilaviya m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa bwino m'magazi. Ukameza zonse pamodzi m'mimba mulibe kanthu, umaona ngati wamwa mankhwala pamene thupi lalandira ochepa. Njira yake ndi kumwera pamodzi ndi chakudya, kapena kuwatalikitsa: ARV atsogole ndi maola awiri, apo ayi abwere patatha maola sikisi. Ine ndinasankha kumwa owonjezera magazi m'mawa, ARV usiku pogona.

Kenaka panabwera kuyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, komwe kuchipatala amati vayirolodi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mwana amatetezedwa ndi kuchepa kwa tizilombo m'thupi mwa mayi, chifukwa tikachepa m'magazi timachepanso mu mkaka. Zotsatira zikapitirira tizilombo 1,000 pa mililita imodzi ya magazi, ndiye kuti penapake pavuta: mwina mankhwala akudumphidwa, mwina sakulowa bwino, mwinanso kachilombo kayamba kuwapima mphamvu. Zanga zinabwera zoti tizilombo sitikuoneka n'komwe, ndipo anandiyezanso mimba itatsala pang'ono kufika pochira.

Ndinachirira kuchipatala. Mwana atangobadwa anayamba kulandira nevirapini wamadzi, yemwe ndinkamudonthezera m'kamwa ndi kasirinji kamodzi patsiku kwa masabata sikisi. Mayi amene wayamba mankhwala mochedwa, kapena amene tizilombo take tidakali tambiri pochira, mwana wake amapatsidwa mankhwala owonjezera ngati zidovudini, ndipo amamwa nthawi yotalikirapo. Choncho musadabwe mnzanu wa pabedi loyandikana akalandira mabotolo osiyana ndi anu.

Nkhani ya kadyetsedwe ndi imene inandisowetsa tulo. Mumtima ndinkati, ngati kachilombo kamapezeka mu mkaka, bwanji osangomupatsa wa m'chitini? Namwino sanandikanize, koma anandifunsa mafunso. "Mayi, kodi madzi aukhondo mumakhala nawo tsiku lililonse? Mudzatha kugula mkakawo osadukiza kwa miyezi sikisi? Usiku mwana akalira mudzadzuka kuwiritsa madzi ndi kutsuka ziwiya? Nanga achibale akadzafunsa chifukwa chimene simukuyamwitsira, simudzamupatsa bere kuti nkhani ithe?" Kumene zonsezi zimatheka, mkaka wa m'chitini umachotseratu chiopsezo cha HIV chodzera m'bere, ndipo mayiko ena amalangiza zimenezo. Koma kumene sizitheka, mwana wosayamwa amakhala pangozi yaikulu ya kutsekula m'mimba, chibayo ndi kunyentchera. Ine sindikanatha kuyankha inde pa mafunso onsewo, ndiye ndinasankha kuyamwitsa ndikumwa mankhwala.

Kuyamwitsa kwake ndi kwa mwakathithi kwa miyezi sikisi yoyamba: bere lokha, popanda madzi, tiyi kapena chakudya china chilichonse, kupatula mankhwala a kuchipatala. Chifukwa chake n'chakuti matumbo a khanda ndi osakhwima. Zakudya zina ndi madzi osatetezeka zimatha kuwakanda ndi kubweretsa matenda, ndipo potero kachilombo kamapeza polowera. Zovuta zinali kwa anthu ondikonda, amene kukatentha ankati, "Mwanayu ali ndi ludzu, m'patseni timadzi." Ndinkangowayankha kuti mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, zomwe ndi zoona kwa mwana aliyense, ndipo sindinkafunika kuulula za magazi anga kuti andimvetse. Ndionjezere apa kuti wina akam'mwetsa mwana kanthu inu mutachokapo, musasiye kuyamwitsa chifukwa cha mantha. Malangizo a 2016 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amanena kuti mayi amene akumwa ma ARV asasiye bere pa chifukwa chimenechi. Bwererani ku bere lokha, ndipo kanenani kuchipatala.

Mawere nawonso amafuna kuwayang'anira. Nsonga zikang'ambika n'kumatuluka magazi, kapena bere likatupa, kutentha ndi kuuma uku thupi likuphwanya, tizilombo timatha kuchuluka mu mkaka wa bere limenelo. Zinandichitikira kumanzere mwana ali ndi miyezi iwiri. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndiziyamwitsa lakumanja, lodwalalo ndizilikama ndi kutaya mkakawo mpaka litapola. Anandionetsanso kagwiridwe koti mwana aziyasamula kwambiri n'kumeza ndi gawo lakuda lomwe, osati nsonga yokha, pakuti kuyamwa nsonga ndi kumene kumang'amba. Mwana akakhala ndi zoyera zomatirira m'kamwa kapena tizilonda, nazonso n'zofunika kuthamangira nazo.

Pa masabata sikisi anamubaya kachidendene n'kutenga timadontho ta magazi papepala. Kuyeza kumeneku ndi kwa PCR, kumene kumafufuza kachilombo kenikeniko. Kuyeza kwachangu komwe timachita akuluakulu sikuthandiza pa khanda, chifukwa kumaona chitetezo chimene mwana watengera kwa mayi, ndipo chimenechi chimatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18 ngakhale iye alibe kachilombo. Tsiku lomwelo anasiya nevirapini n'kuyamba bakitirimu, womuteteza ku chibayo ndi matenda ena podikira kuti zidziwike bwinobwino.

Zotsatira zinabwera zabwino, ndipo ndikuona kuti nthawi yoopsa kwambiri imayambira pamenepa. Mtima umakhala pansi, botolo la nevirapini latha, mayi watopa ndi kusagona, ndipo piritsi limayamba kuiwalika. Komatu mwana akuyamwabe, ndipo chomutchinjiriza tsopano ndi mankhwala a mayi basi. Zotsatira za masabata sikisi zimangonena za m'mbuyo, sizinena za mkaka wa mawa. Ndinatchera alamu pafoni, ndinkatenga mankhwala ena asanathe, ndipo ndinkakumbutsa ndekha anamwino nthawi yoyezanso vayirolodi ikakwana. Amuna anga, omwe anali atayezetsa ndidakali ndi pakati, ankandifunsa usiku uliwonse ngati ndamwa.

Atakwana miyezi sikisi ndinayamba kumupatsa zakudya zofewa uku akuyamwabe. WHO imalangiza kuyamwitsa mosachepera miyezi 12, ndipo mayi womwa mankhwala bwino atha kupitiriza mpaka miyezi 24 kapena kuposerapo. Pomusiyitsa sindinadule mwadzidzidzi. Ndinkachepetsa pang'onopang'ono kwa mwezi wathunthu, chifukwa kudula kamodzi kumatupitsa mawere ndi kufooketsa mwana.

Kuyeza komaliza kumachitika mwana akakwana miyezi 18, kapena patatha miyezi itatu chisiyire bere, kutengera chimene chabwera pambuyo. Wanga anasiya ali ndi miyezi 20, choncho anayezedwa ali ndi miyezi 23. Anapezeka wopanda kachilombo, anamusiyitsa bakitirimu, ndipo ine ndinapitiriza ndi piritsi langa la usiku.