Sabata ya pa mphambano zopanda chikwangwani

Sabata ino tinawachotsa ophunzira kuyendetsa galimoto mumsewu waukulu n'kuwalowetsa m'timisewu ta mkati mwa Area 25 ku Lilongwe, kumene mphambano zambiri zilibe chikwangwani kapena mzere woyera. Funso linali limodzi: galimoto ziwiri zikafika nthawi imodzi, aime ndani?

Lolemba tinangokhazikitsa lamulo. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, choncho pa mphambano ya misewu yofanana kukula umapatsa mpata galimoto yochokera kudzanja lako lamanja, monga umachitira pa raundabauti. Mawu oti "yofanana" ndi ofunika. Amene akutuluka m'kanjira kafumbi kulowa mu tala amadikira, ngakhale atakhala kumanja kwa mnzakeyo.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa liwiro, chifukwa ambiri lamulo amalidziwa koma amafika akuthamanga moti sangalitsate. Galimoto ikamayenda makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 11 pa sekondi imodzi, ndipo sekondiyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Pa makilomita 20 ndi mamita osakwana 6. N'chifukwa chake timati chotsa phazi pa moto mphambano ikadali patali, lowa giya yachiwiri, phazi likhale pamwamba pa buleki. Yang'ana kumanja, kumanzere, kenako kumanjanso. Pamene mpanda wa njerwa waphimba ngodya, sendera pang'onopang'ono mpaka maso ako aone msewu. Kumbukira kuti boneti imatulukira iwe usanaone kanthu.

Lachinayi wophunzira wina ankafuna kukhotera kumanja, ndipo lole ya mchenga inkabwera moyang'anizana naye ikupita molunjika. Anafika pamodzi. Iye anaganiza kuti poti wayatsa indiketa, njira ndi yake. Tinaponda buleki ya mbali ya mphunzitsi. Pamenepa palibe amene ali kumanja kwa mnzake. Wokhotera kumanja ndiye akudula njira ya wina, ndiye amadikira. Podikirapo matayala akhale owongoka, kuti wina akakugunda kumbuyo asakukankhire kukamwa kwa loleyo.

Chovuta kwambiri kuchotsa m'mutu mwa ophunzira n'kukhulupirira magetsi. Dalaivala akaphethira magetsi, mwina akuti dutsani, mwina akuti ndikubwera. Ife timati yang'ana tayala lakutsogolo la galimoto yakeyo. Ngati likugudubuzikabe, sanakupatse mpata, ngakhale mpatawo utakhala wako. Ndipo dzanja la dalaivala mmodzi silikulankhulira wakabaza amene akutulukira m'mbali mwake.

Lachisanu tinaima pa galaja ina kuonetsa ophunzira galimoto yophwanyika chitseko cha dalaivala. Mwiniwake akuti anagundidwa pa mphambano yotereyi, ndipo ankadandaula kuti ndiye wolakwiridwa. Koma chitsekocho chili kumanja, kusonyeza kuti womugundayo anachokera kumanja. Ngati misewuyo inali yofanana ndipo anafikadi pamodzi, woyenera kuima anali mwini galimoto yophwanyikayo.