Usiku umene ndinaimba ndi galu wa apongozi

Kwaya yathu inandipatsa ndime yoti ndiimbe ndekha pa ukwati wa mlamu wanga, ndime yokhala ndi mawu okwera amene umayenera kuwakoka mpaka mpweya kuthera m'chifuwa. Ukwatiwo unali kwawo kwa mayi a kunyumba, kumtunda kwa Lizulu, mwezi wa Juni, kuzizira kwake koumitsa zala. Mkamwini sangakuwe pakhomo pa apongozi, choncho titadya nsima ndinazemba n'kukaima kuseri kwa munda wa mbatata ya kachewere, kutali ndithu.

Ndime zoyamba zinayenda bwino. Nditangofika pa "aleluuuya" wautali uja, kumudzi kunamveka yankho: huuuu! Anali Zilipano, galu wa apongozi. Ndinasiya, nayenso anasiya. Ndinayambanso, iye n'kulowa pomwepo, ndipo agalu a tsidya la msewu, ku Mozambique, anayamba kuvomera.

Chimene chinkachitika kunyumba n'chakuti agogo a mkazi wanga anali atadzuka kale. Kwa iwo galu akalira chotero usiku ndi malodza, ndipo malume ena anali chigonere m'chipatala sabata imeneyo. Mphepo inkabweretsanso mawu anga mwapatalipatali, ndiye iwo anati, "Tamverani, kwayamba kulira kumunda uko." Posakhalitsa ndinaona matochi akubwera, amayi atamanga kale zitenje m'chiuno, wina wayamba kusisima. Anandipeza nditatseka maso, dzanja lili pachifuwa, kukamwa yasa.

"Kodi ndinu bambo a Chisomo?" anafunsa apongozi aamuna. "Wamwalira ndani?"

"Palibe, bambo. Ndimayeserera nyimbo."

Anakhala chete kanthawi. "Imeneyo inali nyimbo?"

Amene anandipulumutsa kwa agogo ndi msuweni wa mkazi wanga, mlangizi wa ziweto, ngakhale anafotokoza misozi ya kuseka ili mbwembwembwe. Anati galu ndi mdzukulu wa mimbulu ya kumaiko ozizira, ndipo mimbulu ikabalalikana posaka imaitanana ndi kulira kotalika komwe kumamveka ngakhale pa mtunda wa makilomita 10 kukakhala bata. Kuuwa ndi kwa zapafupi, monga mlendo pachipata. Kulira kokoka kuja n'kofunsa wakutali kuti uli kuti, ine ndili kuno. Ndiye galu akamva mawu otalika, osadukiza, okwera n'kutsika pang'onopang'ono, amawatenga ngati mnzake akuitana, ndipo amayankha. Sayirini ya ambulansi imalira choncho. Nyimbo yochokera kutali nayonso imafika choncho, chifukwa pamtunda zilembo zimatayika, n'kutsala "uuu" ndi "aaa" basi. N'chifukwa chake Zilipano sankasamala ndime zothamanga, ankadikira aleluya.

Agogo sanagonje msanga. Anati nanga bwanji chaka chatha galuyo analira usiku, m'mawa uthenga wa maliro n'kufika? Msuweniyo anawakumbutsa kuti mudziwo uli pafupi ndi msewu wa M1, momwe maambulansi amathamangira ku Dedza kapena ku Ntcheu. Galu amamva kuposa ife, ndiponso amatembenuza makutu ake kulozetsa kumene phokoso likuchokera, motero amayamba kuyankha sayirini anthu asanaimve, mwina osaimva n'komwe. Ambulansi ya usiku nthawi zambiri imanyamula wodwala kwambiri. Uthenga ukabwera m'mawa, anthu amakumbukira galu, galimoto ija palibe anaiona. Usiku wina wonse umene analira popanda maliro palibe amauwerenga.

Apa mlamu wanga, yemwe ndinkamuvutikirayo, anati mwina mawu anga amamupweteka galuyo m'makutu. Ndinayembekeza mwamantha, koma mlangizi anakana. Galu amene phokoso likumusautsa, monga la mabingu kapena makombola a pa Khirisimasi, amagonetsa makutu, kupinda mchira pakati pa miyendo, kunjenjemera, n'kukabisala pansi pa nkhokwe. Zilipano anali ataima chilili pabwalo, mphuno kumwamba, mchira ukugwedezeka, ndipo nyimbo ikatha ankangokhala pansi. Ameneyo akuimba nawo. Anawonjeza kuti kumukalipira sikuthandiza, chifukwa kwa iye ndiye kuti nanunso mwalowa kwaya. Bola kumuitana n'kumupatsa kanthu akangokhala chete.

Ndinayamba kutukula mapewa. Ndinati komatu galuyo amaphonya mawu, sagwirizana ndi ine. Msuweni anati mimbulu ikamalira pamodzi siikhala pa liwu limodzi, uliwonse umatenga lake, ndipo zimamveka ngati gulu ndi lalikulu kuposa mmene lilili.

Apongozi anafuna umboni. Anandiimika pabwalo, pamaso pa mudzi wonse, pakati pa usiku, kuti ndiimbe. Ndinakoka aleluya, Zilipano anakweza mutu n'kulowa, ndipo ine mpweya utandithera iye anapitirizabe.

Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Loweruka galuyu mum'mangirire kutali ndi tchalitchi. Akamwiniwa asachite manyazi kuti wawaposa."