Apudeti ya Windows itakakamira pa 0x80070070

Laputopu yomwe ndimalemberapo anthu makalata pano pa Mangochi Boma inayamba kukana apudeti. Imadawunilodi bwinobwino, koma ikafika poti iike imaima, kenako n'kuonetsa 0x80070070. Nambala imeneyi imatanthauza chinthu chimodzi: malo atha pa disiki.

Anyamata okonza mafoni kumsika amathamangira kunena kuti chotsani foda ya SoftwareDistribution, yomwe Windows imasungiramo mafayilo a apudeti. Ine sindiyambira pamenepo. Mukaichotsa, zonse zomwe makina anadawunilodi kale amaziyambanso, ndipo ndi bandulo yanu imene ikupita. Ngati malo mulibe, idzakananso pomwepo.

Ndiye ndinatsegula This PC n'kuyang'ana C:. Disiki yanga ndi ya 128 GB, koma panatsala 3 GB yokha, kamzere kake katafiira. Apudeti yaikulu yosintha mtundu wa Windows imafuna malo pafupifupi 20 GB, chifukwa imamasula mafayilo atsopano kwinaku ikusunga akale kuti ithe kubwerera zikavuta. Mavidiyo a maukwati omwe eniake sanabwere kudzatenga ndinawasamutsira pa fulashi. Kenako ndinalemba cleanmgr pa Start, n'kudina Clean up system files, n'kuchonga Windows Update Cleanup ndi Temporary files. Pamndandandawo mukaona Downloads musachonge mwachimbulimbuli, mutaya zikalata za anthu. Zitatha, malo anafika 24 GB.

Nditayesanso, nambala inasintha n'kukhala 0x80070002, kutanthauza kuti pali fayilo yomwe ikusowa. Sindinadabwe. Batire ya laputopuyi inafa kalekale, magetsi akathima nayo imathima, ndipo zodawunilodi zimadukira panjira. Apa ndiye poyenera kukhudza foda ija.

Ndinatsegula Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba izi mzere umodziumodzi:

```
net stop wuauserv
net stop bits
ren C:\Windows\SoftwareDistribution SoftwareDistribution.old
net start bits
net start wuauserv
```

Mizere iwiri yoyambayo ikuimitsa ntchito zomwe zagwira fodayo. Mukaona Access is denied pa mzere wachitatu, ndiye kuti ina yadzukanso yokha. Ibwerezeni mizere iwiriyo, kapena zimitsani makina muyatsenso. Ndimasintha dzina m'malo mofufutiratu kuti zikasokonekera ndikhale ndi pobwerera. Windows imadzipangira foda yatsopano.

Ndinadina Check for updates usiku, netiweki itapepuka. Poyamba imatenga nthawi ikufufuza, musaisokoneze. Mndandanda wa Update history ukhoza kuoneka wopanda kanthu, koma maapudeti omwe analowa kale sanachoke. Komanso ngati intaneti mukuitenga pafoni, onani Metered connection: ikakhala yoyatsa, Windows imasiya dala kudawunilodi zina, inu n'kumaganiza kuti yakakamiranso.

Apudeti italowa ndi makina atayaka bwino, ndinafufuta SoftwareDistribution.old, chifukwa nayo imangodya malo pa C:.