Zikho 2 ndi Malupanga 7 zitagwa moyandikana: mmene ndinamasulira makadi ooneka ngati akutsutsana

Ndiyambe ndi chimene chandipsetsa mtima. Loweruka lapitali mayi wina wa kuno ku Ulongwe anabwera ndi chithunzi m'foni, makadi 13 a taroti, aja a zithunzi oombezera maula, ali mbwee patebulo. Anali atakwera shapa mpaka ku Tete, nkulipira mametikali 500 kwa woyala makadi wina. Funso lawo linali la bambo akunyumba amene amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize ndipo amabwera kumapeto kwa mwezi: kodi ali ndi wina kumeneko? Makadi asanu oyamba ataoneka ngati akutsutsana, woyalayo anayamba kukoka makadi ofotokozera, lililonse mametikali 50. Anakoka asanu ndi atatu. Ndiye kuti 400 pamwamba pa 500, osawerengera ulendo, ndipo mayiyo anabwerera ali ndi mutu waukulu kuposa mmene anapitira. Zinanditengera masana onse kuti ndingopeza kuti makadi asanu oyambawo anali ati, ndipo anagwa motsatana bwanji.

Tisanapite patali: lembani funso ndi ntchito ya malo alionse oika khadi papepala musanasakanize makadi. Kukanakhala kapepala kotero, tsiku lonse lija silikanapita pachabe.

Titawapatula, mzere unali wotere kuchokera kumanzere. Malo oyamba, a mtima wa wofunsa, panagwa Malupanga 9. Malo achiwiri, a mtima wa mwamuna kwa mkazi wake, Zikho 2. Malo achitatu, a zimene mwamunayo akuchita, Malupanga 7. Malo achinayi, a nkhani imene sikunenedwa m'nyumba, Makobidi 5. Malo omaliza, a kumene zinthu zikulowera, Mwezi. Makadi ake ndi aja ofala kwambiri, amene anatuluka ku London mu 1909 ndipo anajambula ndi Pamela Colman Smith. Ndikunena zimenezi chifukwa pansipa ndidalira zithunzi zake, ndipo makadi a mtundu wina amajambulidwa mosiyana.

Mkangano wonse unali pa lachiwiri ndi lachitatu. Pa Zikho 2 pali mwamuna ndi mkazi atayang'anana, aliyense ali ndi chikho m'manja, ndipo timaliwerenga ngati kugwirizana kwa anthu awiri. Pa Malupanga 7 pali munthu akunyang'ama kuchoka pa misasa atanyamula malupanga asanu, awiri atawasiya ozikika pansi, ndipo ambiri akangoliona amati ndi wakuba, wachinyengo. Mayi aja anafunsa kuti, "Nanga achimwene, munthu angandikonde uku akundinamiza? Limodzi mwa awiriwa likunama."

Palibe limene likunama, amayi, chifukwa sakuyankha funso limodzi. Lina lakhala pa malo a mtima, lina pa malo a zochita. Makadi amatsutsana zenizeni pokhapokha ngati mwawafunsa chinthu chomwecho. Munthu akhoza kukonda banja lake ndi mtima wonse koma nkumabisa kanthu, ndipo aliyense amene anakhalapo pa mlandu wa ankhoswe amadziwa zimenezi. Choncho tinasiya kufunsa kuti loona ndi liti, tinayamba kufunsa kuti chimene chikubisidwacho nchiyani.

Apa mpamene anthu amathamangira. Malupanga 7 limanena za kuchita zinthu mobisa, kuzemba, kapena kusenza wekha katundu osauza anzako. Silitchula chibwenzi. Kuti mudziwe mtundu wa chobisikacho mumayang'ana loyandikana nalo, ndipo chithunzi chenichenicho chimathandiza: munthu wa malupangayo akuyenda cha kumanzere koma watembenuza khosi kuyang'ana kumanja. Mumzere uwu ndiye kuti mapazi ake akulowera ku Zikho 2, kubanja, pamene maso ali pa khadi lachinayi. Lachinayilo ndi Makobidi 5, anthu awiri osauka akudutsa m'chisanu pansi pa zenera lowala la tchalitchi, mmodzi akuyendera ndodo. Makobidi ndi banja la makadi onena za ndalama, ntchito ndi thupi, ndipo khadi ili limawerengedwa ngati kusowa, ngongole, kutha kwa ntchito kapena matenda. Ine ndinawerenga kuti ngati pali chobisika, makadi akuloza ku thumba kapena ku thanzi, osati ku mphasa.

Kenako mumawerenga mabanja. Makadi onse alipo 78: akuluakulu 22, ang'onoang'ono 56 ogawidwa m'mabanja anayi a makadi 14, omwe ndi zikho, malupanga, ndodo ndi makobidi. Pamzere wathu panali malupanga awiri, chikho chimodzi, khobidi limodzi ndi lalikulu limodzi. Ndodo, zimene timazitenga ngati moto wa thupi ndi chilakolako, panalibe ndi imodzi yomwe. Panalibenso khadi la munthu, ndikunena mfumu, mfumukazi, wapakavalo kapena mnyamata wamthenga, amene alipo 16 onse pamodzi ndipo ndi amene owerenga ambiri amawatenga ngati munthu wina walowa m'nkhani. Chimene sichinagwe chimalankhulanso. Mukafuna kunena za munthu wachitatu, pazikhala zinthu ziwiri kapena zitatu zoloza komweko, monga khadi la munthu pa malo a zobisika limodzi ndi Zikho 3 kapena Malupanga 3, mtima uja wolasidwa katatu. Khadi limodzi lokha silikwanira kusenza mlandu waukulu chotero.

Ndinaiwala kunena za funso lenilenilo, ndipo likanayenera kukhala koyambirira. Mawu oti "kodi ndi wokhulupirika" ndi thumba lalikulu kwambiri. Muli chibwenzi chamseri, muli malipiro amene safika onse kunyumba, muli kutumiza ndalama kwa abale ake osakuuzani, muli kuulula zam'nyumba kwa apongozi. Mukafunsa zonsezi ndi mawu amodzi, khadi lina liyankha za chikondi, lina za ndalama, inu nkumati zatsutsana. Komanso funso la inde kapena ayi siliyenda bwino ndi makadi asanu, poti lililonse lili ndi chithunzi chake chodzaza nkhani. Funsani kuti "nchiyani chikuchitika pakati pathu chimene sindikuchiona", mulembe papepala, kenako musakanize.

Tsopano makadi owonjezera aja, amene ndikawakumbukira mtima umawawabe. Malupanga alipo 14 mwa 78. Mukakoka makadi asanu, pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse mupezamo lupanga limodzi kapena kuposa. Mukafika makadi khumi, ndi pafupifupi kasanu ndi kanayi pa khumi. Awa ndi masamu chabe, sizikukhudza khalidwe la mwamuna wa munthu. Ndiye woyala akamapitiriza kukoka, khadi loopsa lidzatuluka basi, ngakhale mwamunayo atakhala kuti amagona kumigodi ndi kudzuka kumigodi. Kwa mayi aja lachisanu ndi chimodzi mwa owonjezerawo linali Mfumukazi ya Ndodo, ndipo pomwepo anauzidwa kuti "ndi ameneyu mkaziyo". Khadi lopanda malo, lopanda funso, lokokedwa chifukwa choti munthu walipira 50 ina! Limenelo silikanayenera kuwerengedwa nkomwe. Ine lamulo langa ndi khadi lofotokozera limodzi pa mayalidwe onse, loikidwa pamwamba pa khadi limene lavuta, funso lake litanenedwa mokweza lisanatembenuzidwe. Likapanda kumveketsa, mumasiya pomwepo. Ndipo mtengo muzigwirizana wonse musanakhale pansi. Mukamva kuti khadi lililonse lili ndi mtengo wake, nyamukani, chifukwa woteroyo amapindula inu mukasokonezeka.

Vuto lina linali la makadi ozondoka. Pachithunzi Zikho 2 linkaoneka mutu pansi, ndipo mayiyo ankaganiza kuti chikondi chatha. Nditafunsitsa ndinapeza kuti iwo anajambula atakhala mbali ina ya tebulo, moyang'anana ndi woyala, ndiye makadi onse asanu anali ozondoka kwa iwo. Kuzondoka kumawerengedwa kuchokera kumene wakhala woyala, ndipo kaya muwerenga makadi ozondoka kapena ayi, mumasankha musanasakanize, osati khadi litagwa kale. Izinso zilembedwe pakapepala kaja. Zimenezi zimakhudzanso mzere: mukajambula muli tsidya lina, kumanzere kumasanduka kumanja, loyamba nkuoneka ngati lomaliza. Ola lathunthu linathera pamenepa.

Khadi loyamba anthu amalidumpha chifukwa amafuna kumva za mnzawo, koma apa linali lofunika. Malupanga 9 ndi munthu atakhala tsonga pabedi usiku, nkhope ili m'manja, malupanga ali mondondozana kukhoma. Lagwa pa malo a wofunsa, ndiye likunena za kusowa tulo kwa mayiyo, osati za zochita za bambo. Munthu akayala kapena kuyalitsa makadi ali ndi mantha otere, chithunzi chilichonse amachiona ndi maso a manthawo. Nchifukwa chake sindilola kuyala kawiri funso lomwelo tsiku limodzi. Dikirani mpaka pachitike chinthu chatsopano, monga kukambirana kapena kubwera kwa mwezi wina.

Lomaliza, Mwezi, ndi khadi lalikulu la nambala 18, ndipo popeza ndi lalikulu lokhalo pamzerewu, limalemera kuposa anzake. Pali galu ndi mmbulu zikuuwa, nkhanu ikutuluka m'madzi, ndi kanjira kodutsa pakati pa nsanja ziwiri. Ena amaliwerenga ngati chinyengo, nkuliphatikiza ndi Malupanga 7 kuti mlandu uthe. Ine pa malo a kumene zinthu zikulowera ndimaliwerenga kuti simukuona bwino, muli kuyenda usiku, ndipo chitsa chikhoza kuoneka ngati munthu. Limagwirizana ndi Malupanga 9 kuposa ndi Malupanga 7. Mzere wonse ndinaumanga m'chiganizo chimodzi, ndipo inunso muziyesa kutero, chifukwa mukalephera ndiye kuti pali khadi limene mwalikakamiza: mkazi sakugona ndi nkhawa, mwamuna mtima uli pabanja koma pali chimene akusenza yekha, mwina cha ndalama kapena thanzi, ndipo pakali pano zoona zake sizinaoneke.

Ndinawauza mayiyo mosabisa kuti ngakhale kuwerenga kwangaku si umboni. Makadi sanapite ku Moatize. Sangakuuzeni kuti munthu anagona kuti, ndipo palibe nkhoswe yanzeru imene ingamange mlandu pa chithunzi cha m'foni. Chimene mzerewu wawapatsa ndi poyambira nkhani: bambo akabwera, afunse za malipiro, za ngongole, za ntchito ngati ikadalipo, m'malo moyamba ndi "ndi ndani ameneyo". Ngati nkhawa ili pa matenda, yankho lili kuchipatala, akayezetse onse awiri. Ngati bambowo ndi aukali woti akhoza kukweza dzanja, asafunse ali okha m'nyumba, ayambe aitana ankhoswe. Makadi asanu ndi atatu owonjezera aja tinawachotsa pa nkhani yonse, ndipo asanu enieniwo ndinawalembera papepala ndi malo ake ndi tsiku, kuti akadzabwera mwezi wamawa tidzayambire pamenepo.